Mbiri ya namwino yofunsira sikolashipu isayambe ndi umphawi

Anamwino anzanga a kuno ku Salima, nkhani iyi yakhala ikundivuta mumtima, ndiye lero ndati ndiyilankhule poyera. Chaka chilichonse mafomu a masikolashipu akangotsegulidwa, ana athu apantchito amanditumizira timbiri tawo pafoni kuti ndiwawerengere asanatumize. Ndimawerenga mokondwa, chifukwa ndimafuna apite. Koma pafupifupi tonse timayamba chimodzimodzi: ndinabadwira m'banja losauka, ndinkayenda mtunda wautali popita kusukulu, kuyambira ndili mwana ndinkalakalaka kuthandiza odwala.

Sindikuti ndi bodza ayi. Ambiri a ife tinakuladi choncho. Koma amene akuwerenga kunjako ali ndi mulu wa makalata otero, ochokera ku Malawi, ku Zambia, ku Uganda, onse olira mofanana. Funso lomwe lili m'mutu mwawo ndi lina: munthu uyu tikamulipirira masitazi, akabwerera kwawo akasintha chiyani, nanga tikhulupirire bwanji kuti angathe? Taonani Chevening, sikolashipu ya boma la Britain. Imafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito zaka ziwiri, imakufunsa za utsogoleri wako ndi mapulani ako a ntchito, ndipo ukamaliza umayenera kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Zonsezi zikuloza kuntchito. Ndiye bwanji ifeyo timathera theka la mbiri pa ubwana?

Ndikuuzeni za mtsikana wina, namwino komanso mzamba pachipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja. Dzina lake ndi la chipatalacho sinditchula. Anabwera kunyumba Loweruka masana, atangochoka naiti, maso ali psuu, pepala lili m'chikwama cha yunifolomu. Mbiri yake inali ya mawu pafupifupi 200, ndipo ya ntchito inali mizere iwiri yokha: "Ndine wolimbikira, wachifundo, wodziwa kugwira ntchito ndi anzanga. Ndathandiza amayi ambiri kuchira bwino." Ndinaika pepalalo pansi, ndinamuthirira tiyi, n'kumufunsa kuti, "Mwana wanga, pa zaka zonse mwakhala kuleba kuja, ndi chiyani chomwe chinakusowetsani tulo, inu n'kuchitapo kanthu?"

Anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Amayi, ndi patogilafu. Koma imeneyo ndi nkhani yoti n'kulemba?"

Kwa amene si azamba, patogilafu ndi pepala lomwe timalembapo momwe matenda a mayi woyembekezera akuyendera. Timayamba kulemba khomo la chiberekero likatseguka masentimita 4, kugunda kwa mtima wa mwana timamvetsera mphindi 30 zilizonse, khomo timaliyeza maola 4 aliwonse. Papepalapo pali mizere iwiri, wochenjeza ndi wina wotiuza kuti basi, chitanipo kanthu. Pachipatala chaching'ono chopanda fiyeta, mayi akadutsa mzere wochenjeza uja ndiye nthawi yoganiza zoitana ambulansi kuti apite kuchipatala chachikulu cha boma. Pepalalo likapanda kulembedwa pa nthawi yake, mumadzazindikira mochedwa kuti mwana wakakamira, mayi watopa, msewu nawo ndi wautali.

Mtsikanayu anaona kuti mapepala ambiri ankalembedwa mayi atachira kale, kungodzaza kuti fayilo ioneke bwino. Sanakalipire munthu, poti naye ankadziwa kuti usiku mzamba amakhala yekha ndi amayi atatu kapena anayi. Anatenga mafayilo 40 a miyezi yapitayo n'kuwawerenga limodzi ndi mnzake, ndipo anapeza kuti 11 okha ndi omwe anali olembedwa mokwanira. Anapempha ayinichaji kuti popatsirana ntchito m'mawa azitenga mphindi khumi kuona patogilafu ya mayi aliyense ali pabedi pomwepo, anapachika wotchi pakhoma la kuleba, anakhala pansi ndi anzake asanu kukumbutsana kalembedwe. Patatha miyezi isanu ndi umodzi anawerenganso mafayilo ena 40, olembedwa bwino anali 31.

Zonsezi ankazinena akuseweretsa supuni m'kapu, ngati palibe chomwe wachita. Ine mtima unandiwawa, chifukwa mbiri yake yonse inali imeneyo, ndipo papepala paja panalibepo ngakhale liwu limodzi la zimenezi. Tinaleredwa kuti kudzitama n'koipa, moti namwino akafunsidwa zomwe wachita amabisala kuseri kwa mawu oti "tinathandizana". Koma kunena zomwe unachita, ndi manambala ake, si kudzitama. N'chimodzimodzi ndi lipoti lomwe timapereka m'mawa uliwonse kuwodi.

Tinalemba limodzi. Ndinamuuza kuti ayambe wandifotokozera m'Chichewa, ngati akuuza azakhali ake, kenako ndiye atembenuzire m'Chingerezi, chifukwa munthu akayambira m'Chingerezi amathamangira mawu akuluakulu omwe anawaona m'mbiri za anzake. Yomwe tinatulutsa, ndikaibwezera m'chiyankhulo chathu, ikumveka motere:

"Mayi Uje ndi namwino komanso mzamba wovomerezeka ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo wagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi m'chipinda chochirira amayi pachipatala chaching'ono m'boma la Salima. Digiri yake ya unamwino ndi uzamba anaitenga ku Kamuzu College of Nursing, pansi pa University of Malawi, mu 2018. Ataona kuti amayi omwe matenda awatalikira akutumizidwa mochedwa kuchipatala chachikulu, anatsogolera kafukufuku wa mafayilo 40 n'kupeza kuti patogilafu inalembedwa mokwanira pa 11 okha. Anayambitsa zounika patogilafu popatsirana ntchito ndipo anaphunzitsa azamba anzake asanu. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mafayilo 31 mwa 40 anali olembedwa mokwanira. Sanathe kuonetsa ngati kusinthaku kunachepetsa mavuto a amayi ndi ana, chifukwa alibe luso lokonza kafukufuku wotere ndi kusanthula manambala. Akufuna masitazi ya umoyo wa amayi ndi ana akhanda kuti apeze lusolo, ndipo akabwerera akufuna kukhazikitsa kauniuni yemweyu m'zipatala zina zazing'ono za m'boma la Salima, mogwirizana ndi ofesi ya zaumoyo ya bomalo."

Chiganizo chomwe tinakanganapo kwambiri ndi chija choti "sanathe kuonetsa". Iye amafuna kulemba kuti anachepetsa imfa za amayi pachipatalapo. Ndinakana, ndipo ndingakanenso mawa. Pachipatala chaching'ono imfa za amayi zimachitika mwa apo ndi apo, moti chaka china zikapanda kuchitika sungadziwe ngati ndi patogilafu, kapena ambulansi inali ndi mafuta, kapena amayi ovutikawo anakathera kuchipatala chachikulu n'kulembedwa m'kaundula wa kumeneko. Owerenga mafomuwa ena ndi akatswiri a zaumoyo, zimenezi amazidziwa bwino, ndipo akangoona namwino mmodzi akuti wathetsa imfa amayamba kukayikira mbiri yonse. Pomwe ukanena moona kuti apa ndiye pathera nzeru zanga, wawapatsa chifukwa chenicheni chokutumizira kusukulu. Munthu woti zonse akudziwa kale masitazi akayitani?

Onaninso dzina la sukulu. Iye analemba KUHeS, poti ndi momwe tikutchulira masiku ano. Koma Kamuzu University of Health Sciences inayamba mu 2021, pomwe Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine zinachoka ku University of Malawi n'kukhala yunivesite imodzi. Satifiketi yake ya 2018 ili ndi dzina la University of Malawi. Lembani zomwe zili pa satifiketi, chifukwa woona mapepala anu kunjako sadziwa mbiri ya masukulu athu, iye angoona kuti mayina akusiyana. N'chimodzimodzi zaka za ntchito. Ngati miyezi ina munali pakhomo kudikira kulembedwa, kapena munkagwira ya lokamu, zaka zomwe zili m'mbiri zigwirizane ndi zomwe zili pa sivi komanso m'kalata ya okuchitirani umboni.

Pali china chomwe ndimachiona m'mbiri za ena, chomwe chimandiopsa. Pofuna kukhudza mtima wa owerenga, namwino amafotokoza za mayi yemwe anamwalira m'manja mwake, kutchula mudzi, zaka zake, ana omwe anasiya, mpaka mwezi. Kuno kwathu ukatchula mudzi ndi mwezi ndiye kuti watchula munthuyo. Chinsinsi cha wodwala sichitha chifukwa kalatayo ikupita kunja. Ndipo manambala omwe mukutenga m'kaundula wa chipatala muyambe mwauza ayinichaji, asadzazimvere kwina.

Ena mundifunsa kuti, nanga umphawi uja tisautchule n'komwe? Ngati fomu ili ndi funso lake la mavuto omwe mwadutsamo kapena la kusowa ndalama, yankhani pamenepo, moona, mosachita manyazi. Masikolashipu ena amafunsadi zimenezo. Koma mbiri yachidule ili ndi malo ochepa, ndipo mizere itatu yomwe mwaipereka ku ulendo wa kupulaimale ndi yomwe ikanakwana mafayilo 40 aja.

Ndinenenso mosabisa kuti mbiri, ngakhale ikome chotani, singatseke dzenje la mapepala. Ngati muli ndi dipuloma ya unamwino ndi uzamba, masitazi akunja ambiri amafuna digiri yoyamba, ndiye njira yanu ndi yoyamba mwakweza maphunziro konkuno. Ngati muli pantchito ya boma, nkhani ya tchuthi chokaphunzira muiyambe msanga ndi akuluakulu anu, osadikira kalata yoti mwasankhidwa. Ndipo mbiri imodzi siyokwanira mafomu onse. Ya Beit Trust, yomwe imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndi ya Commonwealth zili ndi mafunso akeake, choncho mutu wa nkhani ukhale womwewo koma muusoke molingana ndi funso ndi chiwerengero cha mawu chomwe apereka.

Mtsikana uja asanachoke ndinamuuza kuti asindikize mbiriyo apite nayo kwa a metironi omwe amulembere kalata ya umboni, akhale nawo pansi, awaonetse mafayilo aja ndi maso. Kalata yawo ikangoti "ndi mtsikana waulemu, safika mochedwa" pomwe mbiri ikunena za kafukufuku, owerenga adabwa kuti bwanji bwana wake sakuzidziwa. Anapita Lolemba. Madzulo ake anandiimbira kuti a metironi amufunsa ngati angakachitenso kauniuni wa mafayilo wofanana ndi uja kuwodi ya ana akhanda mwezi wamawa, ndipo wavomera.