Lekani kuthamangitsa agogo ndi nambala ya 120

Ananu, tamverani kuno. Inenso ndimamwa mankhwala a bipi m'mawa uliwonse, ndiye izi sindikunena zongomva. Timakina toyezera bipi tafika m'makomo ambiri, tina totumizidwa kuchokera ku Joni, ndipo n'zabwino. Chandiwawa n'chakuti ena mwa inu mwasanduka madokotala a makolo anu. Mukaona 148 mtima uli phaphapha, basi: "Agogo, imwani awiri lero." Anakuuzani ndani?

Mlamu wanga ali ndi zaka 81. Mdzukulu wake ankamuyeza atakhala pampando, makina n'kuonetsa 148/86. Mwana uja anamva kuti bipi yabwino ndi 120/80, choncho anayamba kumupatsa mapilitsi okodzetsa awiri m'malo mwa limodzi limene adokotala analemba. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mayiyo anali atatsegula m'mimba masiku awiri. Usiku anadzambatuka pamphasa kuti apite kuchimbudzi. Anangofika pakhomo, m'maso munada bii, n'kugwa chafufumimba. Tinamupeza chipumi chili magazi okhaokha, chitenje chanyowa. Mwayi wake fupa la m'chiuno silinathyoke, pakuti nkhalamba ikathyoka pamenepo nthawi zambiri siyendanso ngati kale, ndipo ena mphasa imawatenga mpaka kumanda.

Kuchipatala anachita chimene mdzukulu uja sanachitepo. Anamugoneka mphindi 5 n'kumuyeza: 132/78. Anamuimiritsa, wina atamugwira mkono, n'kumuyeza patatha mphindi imodzi, kenako patatha mphindi 3: 104/66. Nambala yapamwamba inatsika ndi 28, yapansi ndi 12. Achipatala amati yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena yapansi ndi 10, mkati mwa mphindi 3 munthu ataimirira, ndiye kuti vuto lilipo. Mayiyu anadutsa malire onse awiri.

Chimachitika n'chiyani? Munthu akaimirira, magazi okwana theka la lita kapena kuposa amatsikira kumiyendo ndi kumimba. Kwa inu achinyamata mitsempha imafinyika msanga, mtima n'kufulumira pang'ono, magazi n'kubwerera kumutu musanadziwe n'komwe. Ife yathu inatopa, imachedwa kuyankha. Onjezanipo pilitsi lochotsa madzi m'thupi, thukuta ndi kutsegula m'mimba, ubongo utsala ndi chiyani? Ndiye chizungulire chija mumachiseka kuti "ndi ukalamba". Chimakonda m'bandakucha, pambuyo pa nsima yambiri, komanso munthu akamwa mowa. Matenda a shuga a zaka zambiri amachikulitsa, monganso mankhwala ena ogonetsa ndi a vuto la kukodza la abambo.

Tsono za nambala yanuyo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse linanena mu 2021 kuti kwa anthu ambiri cholinga ndi kutsitsa bipi kuti isafike 140/90. Ku Britain, amene akwanitsa zaka 80 amawaikira malire a 150/90, ndipo ngati munthu bipi imamugwera akaimirira, madokotala amatsata nambala ya choimirira. Alipo okalamba amphamvu, olima okha dimba, amene dokotala angawatsitse kwambiri osavutika. Koma amene akuyenda ndi ndodo, wagwapo kale chaka chino, muyeso wake ndi wina. Woyeza zimenezi ndi amene wamuona wodwalayo, wawerenga buku lake lakuchipatala, osati mdzukulu wa pafoni.

Ndipo inu a mbali inayo musaombe m'manja. Ndikukudziwani, mumati agogo akangodandaula chizungulire mumabisa mapilitsi onse n'kuwapatsa adyo. Kumeneko n'kuthawa mvula n'kukagwera mumtsinje. Bipi yosiyidwa ndiyo imabweretsa sitiroko, munthu n'kufa mbali imodzi, pakamwa kupotoka. Mlamu wanga sanamusiyitse mankhwala. Anamuimitsa okodzetsa aja masiku ochepa mpaka m'mimba mutaleka, anamupatsa Thanzi, kenako anamubwezera pa pilitsi limodzi n'kumuuza tsiku lobweranso.

Mukaona kholo likugwira khoma podzuka, litengereni kuchipatala sabata yomweyo. Nyamulani buku lake ndi mankhwala onse m'jumbo, ngakhale ogula pagolosale ndi azitsamba omwe. Nenani mosabisa kuti anagwa, liti, ndipo pemphani kuti ayezedwe chogona ndi choimirira. Akakomoka, akamva kupweteka pachifuwa, akamenyetsa mutu kapena lilime likalemera, musadikire kuti kuche.

Pakhomo aphunzitseni kudzuka pang'onopang'ono: ayambe akhala tsonga, agwedeze mapazi n'kuwerenga mpaka 30, aimirire atagwira chinthu, adikire kaye asanaponye phazi. M'maso mukada, akhale pansi pomwepo. Madzi akumwa akhale pafupi masana onse, pokhapokha adokotala atawaletsa chifukwa cha mtima kapena impso. Mlamu wanga tsopano amagona ndi tochi kumutu ndi kandowa pambali pa mphasa, ndipo mdzukulu uja amalemba nambala ziwiri m'kope, ya chogona ndi ya choimirira, n'kukazisonyeza kuchipatala.