Ngalande si dzala, anthu inu!

Dzana madzulo, mvula itangoyamba kuwaza, ndinaona ndi maso angawa bambo wamkulu ndithu, wandevu zake, akukhuthulira thumba lonse la zinyalala m'ngalande. Nditamufunsa, anandiyankha opanda ndi manyazi omwe kuti, "Madzi akokolola, agogo." Akokolola kupita nazo kuti? Kumwamba?

Zinyalala zakezo sizinapite patali. Zinakaima pakalavati, pamene madzi amadutsa pansi pa msewu. Usiku mvula inagwa yamphamvu, ndipo kutacha, mabanja a kumunsi anali akukapa madzi akuda bii m'nyumba zawo ndi mabeseni, mabulangete ali pachingwe, makope a ana atasanduka phala.

Ndinaimirira pomwepo anyamata akutsegula kalavatiyo ndi makasu ndi mafosholo. Choyamba kutuluka chinali matiresi ong'ambika, atapingasa kukamwa kwa paipi. Matiresi! Munthu wamutu wake kunyamula matiresi mpaka kukaponya m'ngalande? Kumbuyo kwake kunali mabotolo apulasitiki, nsapato zakutha ndi matewera a ana otupa ndi madzi. Majumbo ndiwo anamata timipata tonse totsala, kenako mchenga n'kudzaunjikana pamwamba mpaka kulimba gwa. Chatsekeka chotero, mukuti madzi adzere pati? Amabwerera m'mbuyo, n'kusefukira mumsewu, n'kumadya phula cham'mbali, n'kulowa pakhomo pa munthu amene sanatayepo ngakhale kapepala.

Ndipo musamayese ngati simuona. Mvula yakata dzulo koma madzi akadali chiimire m'ngalande, akuchita thovu, akununkha, udzu wamera m'katimo: pamenepo kutsogoloko kwatsekeka kale. Inu mumangolumpha, mphuno mutatsina, mawa n'kubweranso ndi thumba lina. Ena mumatuma ana mdima ukagwa kuti anthu asakuoneni, ndiye kuti mukudziwa kuti n'kulakwa. Amene mumasesa pakhomo panu mpaka mbee, n'kukankhira zonse m'ngalande ndi tsache lomwelo, ukhondo wake ndi umenewo?

Madzi osefukirawo sayenda okha. Amadzaza zimbudzi zokumba, n'kutenga zam'menemo kukathira m'zitsime zimene mukumwa. Kolera sachedwa, munthu wadzuka bwinobwino m'mawa, usiku anthu akulira maliro. Madzi oimawo akangotha sabata imodzi kapena ziwiri, udzudzu wayamba kale kuuluka. Nanga mwana akaterereka n'kugwera m'ngalande yodzaza, pansi posaoneka, mudzati watani?

Mudzati galimoto yotenga zinyalala sibwera. Mwina sibweradi, inenso zimandinyansa. Koma kodi ikachedwa ndiye muzitumiza uve wanu kuchipinda kwa mnzanu wa kumunsi? Zoola kwirirani padzenje. Mapulasitiki ndi matewera mangani m'thumba, musunge pouma mpaka mukataye pamalo pake. Kachigawo ka ngalande ka pakhomo panu fukulani mitambo isanade, ndipo zofukulazo muzichotse, osaziunjika m'mphepete kuti mvula yamawa izibwezeremo.

Bambo wa thumba uja ndinamuonanso dzulo, ataima pagulu pakalavati paja, manja m'thumba, akudandaula kuti misewu ya masiku ano siilimba. Akulu inu, manyazi mulibe?