Kalata ya kwa agogo alembe mwanayo yekha

Loweruka ndinali kumudzi ku Ntcheu ndipo ndabwerako mtima ukuwawa. Ndisanamwe n'komwe madzi, amayi anga anatulutsa kapepala m'Buku Lopatulika mwawo nati, "Mwanawe, tandiwerengera, akuti yachokera kwa mdzukulu wanga." Kuitsegula, kalata yotayipa pa kompyuta, m'Chingerezi kuyambira pamwamba mpaka pansi, mawu ake akuluakulu oti ngakhale ine ndinaima kaye. Mwana wa achimwene anga ali ndi zaka 8, ali Sitandade 3. Chake chenicheni pa pepala lonselo chinali dzina lokha lomwe analemba pansi ndi pensulo.

Amayi analuka juzi masabata atatu, maso awo ovuta aja, kuti mwanayo asazizidwe m'mwezi wa Juni. Ndinawamasulira kalata yonse, iwo ali chete. Nditamaliza anandifunsa funso limodzi basi: "Nanga juziyo yamukwana?" Kalata sinanene. Mawu oti juzi munalibemo. Munangoti zikomo chifukwa cha mphatso yamtengo wapatali, muli mzati wa banja lathu, Mulungu akudalitseni. Kalata imeneyo mutha kuitumiza kwa bwana wanu, kwa abusa, kwa aliyense, osasintha kanthu. Zinandikwiyitsa zedi.

Makolo anzanga, kumuthandiza mwana kulemba si kumulembera ayi! Agogo sakufuna kumva nzeru zanu. Inu amakudziwani, anakuberekani okha. Akufuna amve mdzukulu wawo. Mukalemba inuyo n'kumupatsa mwana asaine, mwawanamiza agogo ndipo mwanayo mwamuphunzitsa kuti kuthokoza ndi ntchito ya akuluakulu. Mwina ndi kutanganidwa, mwina manyazi ndi zilembo zokhota za mwana, kaya. Koma m'mera mpoyamba.

Lamlungu nditabwerera ku Lilongwe ndinapita kunyumba kwa achimwenewo. Ndinang'amba pepala pakati pa kope, n'kumukhazika mwanayo patebulo. Ine ndinangomusonyeza poika keyala ndi tsiku, pamwamba kudzanja lamanja monga amaphunzirira kusukulu, n'kumuuza alembe zilembo zikuluzikulu chifukwa agogo saona bwino. Kenako ndinamufunsa pakamwa: agogo akutumizira chiyani, unavala liti, ukufuna kuwafunsa chiyani? Akayankha, ndimati lemba zomwezo, mmene wanenera. Zinatuluka ndi izi:

"Okondedwa Agogo, muli bwanji? Ine ndili bwino. Zikomo chifukwa cha juzi yobiriwira. Manja ake ndi aatali koma ndimapinda. Ndinavala Lolemba popita kusukulu ndipo sindinamve kuzizira. Mnzanga anati munagula kusitolo ine ndinati ayi aluka agogo anga. Kodi nkhuku yanga ija yaswa anapiye angati? Ndine mdzukulu wanu."

Pansi anajambula nkhuku ya miyendo itatu. Ndinaisiya choncho.

Achimwene atawerenga anafuna kuti tichotse za manja aatalizo, ati amayi akhumudwa. Ndinakana kwamtuwagalu. Chiganizo chimenecho ndiye chikuyankha funso la amayi lija! Woluka amafuna adziwe ngati chayenera, kuti ulendo wina achepetse kapena aonjeze. Pamenepo ndi pomwe agogo angadziwe kuti juziyo inavalidwadi, sinangoponyedwa m'sutikesi. Inu mukachotsa chifukwa choopa, mwachotsa mwanayo m'kalata yake yomwe.

Malo amodzi okha ndi omwe ndinalowererapo. Poyamba analemba kuti "uli bwanji", ndipo ndinamuuza kuti agogo sitiwanena kuti iwe, afufute alembe "muli bwanji". Apo ndiye pa ntchito ya kholo: ulemu, ndi pamene mawu asokonekera mpaka osamveka. Zina zonse zisiyeni. Chilembo chikapendekeka, chisiyeni. Mzere ukatsetsereka, usiyeni. Zinatitengera mphindi 20, ndipo theka lake anali akusongola pensulo.

Ndipo lembani m'chilankhulo chomwe agogowo amawerenga. Amayi anga amawerenga Chichewa bwinobwino, nyimbo za m'buku amatsegula okha. N'chifukwa chiyani ayende kukafuna munthu wowamasulira mawu a mdzukulu wawo yemwe? Mukufuna muonetse ndani kuti mwana ali pa sukulu yolipira?

Chinanso chimandinyansa ndi cha mauthenga a mawu a pa WhatsApp. Mumamupatsa mwana foni, inu n'kuima kumbuyo kwake mukunong'ona, "Nena zikomo agogo. Nena ndakusowani." Mwana n'kumabwereza ngati akulakatula ndakatulo, ndipo kunong'ona kwanuko kumamveka bwinobwino. Uthengawo umafikira pa foni ya mwana wa oyandikana nawo, agogo amvera kamodzi ali chiimire pakhomo pa eni, mawa lake wafufutidwa kuti mulowe nyimbo.