Lisiyeni dzira, funsani mafuta amene mwakazingira

Dzulo mlamu wanga wandipsetsa mtima. Wadya choyera cha dzira, chachikasu waponyera galu, akuti akuteteza mtima wake ku kolesterolo, chinthu chonga mafuta chimene chikachuluka m'magazi chimatseka mitsempha. Munthu yemweyo madzulo ndamupeza pa chiwaya, mbale ya tchipisi ikuchucha mafuta, pambali nkhumba yonona, ndiye akuuza wokazinga kuti awonjezere mafuta pamwamba. Abale, dzira linakulakwirani chiyani?

Inde, m'dzira muli kolesterolo, mamiligalamu pafupifupi 186 m'dzira limodzi lalikulu, yense ali m'chachikasumo. Koma kolesterolo wambiri amene ali m'magazi mwanu anapangidwa ndi chiwindi chanu chomwe, ndipo kwa anthu ambiri, ukadya wambiri thupi limachepetsako amene limapanga. Chimene chimakweza kwambiri kolesterolo woipa uja, amene pa pepala la kuchipatala amalemba kuti LDL, ndi mtundu wa mafuta umene umaundana kukazizira. Mafuta oundanawa amachititsa kuti chiwindi chizichedwa kuchotsa LDL m'magazi, ndiye iye amakanirira m'mitsempha mpaka njira ya magazi kuchepa. Ku Amereka, kumene mantha a mazirawa anakula, malire aja akuti munthu asapitirire mamiligalamu 300 a kolesterolo patsiku anawachotsa mu 2015. Ife kuno tikutayabe chachikasu.

Tiyeni tiwerengere, chifukwa pakamwa pokha simundimva. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mafuta oundana asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya, ndipo kwa munthu wamkulu wodya mwachizolowezi amenewo ndi magalamu pafupifupi 22 patsiku. Dzira limodzi lili ndi galamu imodzi ndi theka basi. Mazira awiri, magalamu 3. Pomwe mafuta a kanjedza, amene amapezeka m'mafuta ambiri otsika mtengo, pafupifupi theka lake ndi oundana, moti supuni imodzi yaikulu ili ndi magalamu 6 kapena 7. Masupuni atatu okha, a tsiku lonse atsala pang'ono kukwana, nyama yonona musanaikhudze n'komwe. Masupuni atatu omwewo akanakhala a mpendadzuwa, sakanapitirira magalamu 5. A soya ndi a mtedza ali pamwamba pang'ono pa mpendadzuwa, koma kanjedza sangamufike. Ndiye mlamu wanga anathawa galamu ndi theka m'mawa n'kukameza makumi awiri madzulo, akudzitama kuti amasamala thanzi.

Ndipo chimandinyansa kwambiri ndi mabotolo aja olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti mulibe kolesterolo. Nanga akanakhalamo bwanji? Kolesterolo amapezeka mu zochokera ku nyama zokha. Mafuta alionse ochokera ku mbewu mulibe, ngakhale a kanjedza, ngakhale a kokonati amene oundana ake amaposa magawo 8 mwa 10. Tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo kuti anafinya mbewu yanji. Ngati sanalembe, dikirani kuzizira kwa Juni muone. A kanjedza amachita mbuu, ena amalimba pansi, pomwe a mpendadzuwa amakhalabe oyera mbee.

Musandimve ngati ndikuti muzimeza mazira asanu tsiku lililonse. Pa mazira ochuluka akafukufuku sanagwirizane, ena anapeza kuti chiopsezo chimakwerako. Koma dzira limodzi patsiku kwa munthu wabwinobwino, kafukufuku wamkulu wa ku yunivesite ya Harvard amene anatuluka mu 2020 sanapeze kuti limawonjezera matenda a mtima. Wa shuga, kapena amene anayezetsa n'kupezeka kuti LDL wake ndi wokwera kale, ameneyo amvere adokotala ake, osati ine. Enanu, kuphatikizapo ana amene mukuwamana, dzira lowiritsa likukupatsani magalamu 6 a zomanga thupi popanda dontho la mafuta owonjezera. Vuto limayamba mukalimiza m'mafuta, n'kudyera buledi wopaka batala wochindikala ndi soseji pambali, kenako mlandu wonse n'kulisenzetsa dzira.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Kolesterolo wokwera sapweteka mutu, satupitsa miyendo, wowonda yemwe amakhala naye, ndipo umadziwa pokhapokha wayezetsa magazi. Mlamu wanga sanayezetsepo, wangomva kwa anzake pa bawo kuti mazira ndi oopsa.

Ndipo mafuta a pa chiwaya aja, amasinthidwa liti? Akuda bii, akuchita thovu, fungo lake likumveka uli patali, wokazinga amangothira ena pamwamba pa a dzana. Mafuta otenthetsedwa mobwerezabwereza amawonongeka, koma sindinaonepo munthu mmodzi akubweza mbale. Mlamu, chachikasu cha mawa mundisungire ine, galuyo wanenepa kale.