Kutentha thupi uli kumwezi si malungo nthawi zonse

Azimayi anzanga, lero ndilankhuleko zomwe timachita nazo manyazi. Msuweni wanga anakwera basi ya ku Karonga m'mamawa atavala tamponi, kathonje kaja kolowetsa mkati ukakhala kumwezi, panjira zimbudzi zake mukuzidziwa, ndiye anangoti ndikasintha ndikafika, atafika kutopa, anagona nayo mpaka kucha. Tsiku lotsatira thupi linatentha mwadzidzidzi, kusanza, kutsegula m'mimba, akati adzuke chizungulire. Kunyumba aliyense anati ndi malungo, mpatseni panado. Kuchipatala atamuyeza malungo sanapezeke, mwayi wake nesi wina anafunsa kuti kodi muli kumwezi, mukugwiritsa ntchito chani? Apa m'pamene zinadziwika.

Matendawa azachipatala amawatcha tokisiki shoko sindiromu. Pali kachilombo kena, sitafilokokasi, kamene anthu ambiri tili nako pakhungu popanda vuto, koma tamponi ikakhalitsa mkati itanyowa magazi kamatha kuswana n'kutulutsa poizoni yemwe amalowa m'magazi, BP imatsika, impso zimayamba kufooka. Sachitika kawirikawiri ayi, koma akabwera amathamanga, maola ochepa munthu wafooka kale.

Ine chimandiwawa n'chakuti zizindikiro zake n'zofanana ndi malungo, ndiye timataya nthawi. Mabuku amati pamatuluka zidzolo zofiira, koma pakhungu lathu lakudali sizioneka bwino, bola muone maso ngati afiira, lilime, ndi zikhatho. Kusupuka kwa khungu m'manja ndi kumapazi kumabwera patatha sabata imodzi kapena ziwiri, musadikire zimenezo. Thupi likatentha mwadzidzidzi mpaka madigiri 39, ndi kusanza kapena chizungulire, chotsani pompopompo tamponi kapena kapu ija yolowetsa mkati yolandira magazi akumwezi, thamangani kuchipatala, ndipo mukanene nokha kuti munavala chani kwa maola angati. Musadikire kufunsidwa. Mankhwala ake ndi dripu ndi maantibayotiki, osati zapagolosale.

Tamponi isapitirire maola 8, bola kusintha pakatha maola 4 mpaka 6, ndipo osagula zija zazikulu zomwa magazi ambiri pofuna kuti ikhalitse, pamenepo ndiye pali msampha. Ngati mumagona nthawi yaitali usiku valani padi basi.

A kapu nanunso musadzitame, inde imatha kukhala mpaka maola 12, koma alipo ena anadwalapo matendawa akugwiritsa ntchito kapu. Sambani m'manja ndi sopo musanaigwire, ndipo msambo ukatha iwiritseni kwa mphindi 5 mpaka 10 m'kapoto kakekake.

Nyanda ndi mapadi ochapa ine sindiwanyoza, amayi athu anakulira momwemo, ndipo poti sizilowa mkati chiopsezo cha matendawa n'chochepa kwambiri. Vuto ndi kuyanika kuseri kwa bedi poopa anthu, nsalu n'kumavalidwa ili yachinyontho, kenako kuyabwa. Chapani ndi madzi ozizira ndi sopo, yanikani padzuwa, ngati manyazi akuvutani phimbani ndi kachitenje kopyapyala pachingwe pomwepo.