Akasinja opopa aja sindiwo adapusitsa Hitler

Nkhani ya pa 6 Juni 1944, tsiku limene asilikali a Angerezi, Aamereka ndi anzawo adaoloka nyanja kukamenyana ndi Ajeremani ku Normandy m'dziko la France, ikangoyambika, anthu amathamangira kuonetsa zithunzi za akasinja opopa ngati mpira, asilikali anayi atanyamula kasinja wathunthu m'manja. Zimaseketsa ndithu. Koma ine sindivomera kuti zimenezo ndizo zidapusitsa Ajeremani. Chaka chimenecho ndege zawo zojambula zinkavutika kwambiri kufika kumwera kwa England. Nanga mabwato onamizira a chinsalu oyandama pa migolo, amene Angerezi adaika kumeneko, adawaona ndani?

Bodza lidagwira chifukwa Ajeremani ankayembekeza kale kuti adani adzaolokera ku Pas-de-Calais, dera la kumpoto kwa France kumene kuli mzinda wa Calais, osati ku Normandy. Pamenepo nyanja ndi yopapatiza, makilomita osapitirira 40 kuchokera ku Dover ku England, komanso njira yolowera ku Jeremani ndi yachidule. Angerezi ndi Aamereka adangothirira manyowa maganizo amenewo. Adapeka gulu lalikulu la nkhondo lotchedwa FUSAG, n'kuika George Patton, kazembe wotchuka wa nkhondo wa ku Amereka, ngati mkulu wake, n'kumatumizirana mauthenga pa wayilesi ngati gululo lilikodi.

Koma munthu amene amandizunguza mutu ndi Juan Pujol wa ku Spain, yemwe Angerezi ankamutcha Garbo. Ajeremani ankati ndi kazitape wawo wodalirika, wokhala ndi anthu 27 omuthandiza, chonsecho ankagwirira ntchito Angerezi. Onsewo adali a m'mutu mwake, koma malipiro awo ankabwera kuchokera ku Jeremani!

Usiku woolokawo, Angerezi adamulola kunena zoona, kuti asilikali anyamuka. Nthawi adaisankha dala, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, kuti uthengawo usathandize kanthu koma umukwezere mbiri. Wolandira mauthenga wa Ajeremani ku Madrid sadayankhe mpaka kutacha, ndipo Pujol adawakalipira ngati munthu wolakwiridwa. Ndiye pa 9 Juni atatumiza uthenga woti za ku Normandy n'zongowasokoneza, Patton sadasunthe ndipo nkhondo yeniyeni ikubwera ku Calais, akadamukayikira ndani? Uthengawo udafika mpaka kwa Hitler. Magulu ena a akasinja amene adauzidwa kale kuti apite ku Normandy adaimitsidwa, ndipo asilikali ambiri a gulu la Ajeremani la nambala 15 adakhalabe ku Calais milungu ingapo akudikira mdani wosabwera.

China chimene anthu amachiiwala n'chakuti Angerezi sankanama mwachimbulimbuli. Ku Bletchley Park, malo awo achinsinsi ku England, ankamasulira mauthenga achinsinsi a Ajeremani, ndiye ankatha kuona mawu a Pujol akuchoka ku Madrid kupita ku Berlin, n'kudziwa kuti nyambo yamezedwa. Akadapanda khutu limenelo, kazitape mmodzi kungoulula, onse akadapitiriza kuvina gule woti mdani wamutulukira kale.

Kumapeto kwa Julayi, Ajeremani adamuuza Pujol pa wayilesi kuti Hitler wamupatsa mendulo ya Mtanda wa Chitsulo. Chaka chisanathe, Angerezi nawo adamupatsa yawo.