Zomwe ndikanene pa msonkhano wa kalabu Loweruka, nkhani ya kiriyetini yanditopetsa

Dzulo ku jimu ndapsa mtima zedi ndipo mpaka pano sunatsike. Kamnyamata kena kakhama kwambiri, kamene kangotha miyezi inayi chiyambireni kunyamula zitsulo, kanabwera ndi pepala la kuchipatala nkhope ili yakugwa, kakuti achimwene ndayezetsa magazi ndiye akuti kiriyetinini wakwera pang'ono. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, mkulu wina amene amadziyesa dokotala wa jimu yonse analanda pepala lija n'kuyamba kukuwa pamaso pa aliyense kuti mphwanga impso zako zatha, ndinakuuza ine kuti kiriyetini ndi masiteroidi, posachedwapa tsitsi lithothoka. Mwana uja manja anali kunjenjemera, chigubu chake chatsopano cha kiriyetini, ufa umene onyamula zitsulo amamwa, anakachiponya mu bini ine ndikuona.

Akomiti anandipatsa mphindi khumi zoti ndidzayankhule pa msonkhano wa Loweruka ndipo ndimati ndikambe za kutenthetsa thupi tisanayambe kunyamula, koma ayi ndasintha. Ndikakamba za mabodza asanu a kiriyetini amene tikuopsezana nawo, ndipo ndikuwalemba pano kuti amene sadzabwera asadzati sanamve. Mfundo yanga ndi imodzi basi, ngati chinthu sukuchidziwa tseka pakamwa usaopseze anzako. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ku jimu kwathu akandimverere achuluka kuposa madambelo.

Ndidzayamba ndi la masiteroidi lija chifukwa ndi limene limandinyansa kwambiri. Abale anga, kiriyetini thupi lanu likupanga lokha panopa pamene mukuwerenga izi, impso ndi chiwindi zimapanga pafupifupi galamu imodzi tsiku lililonse, ina mumaipeza mukadya nyama kapena nsomba. Kilogalamu imodzi ya nyama ya ng'ombe yosaphika ili ndi magalamu anayi kapena asanu. Munthu wa makilogalamu 70 amayenda ndi magalamu pafupifupi 120 m'thupi, yambiri ili m'minofu, ngakhale agogo amene sanapondepo mu jimu ali nayo. Anaitulukira ndi wasayansi wa ku France dzina lake Chevreul mu 1832, ndipo anaipeza mu nyama. Masiteroidi ndi mahomoni, amatsanzira tesitositeroni. Kiriyetini si homoni, ntchito yake ndi kubwezeretsa msanga mphamvu imene minofu imawotcha pa masekondi khumi oyambirira ukamakankha chinthu cholemera kapena kuthamanga liwiro la mtondo wadooka, n'chifukwa chake umapeza repu imodzi kapena awiri owonjezera kumapeto kwa seti, ndipo marepu amenewo akaunjikana miyezi ndi miyezi ndiye minofu imakula. Ntchito umagwirabe ndiwe. Bungwe la WADA limene limaletsa mankhwala pa masewera silinailetse. Ndiye munthu wosadziwa ngakhale kusiyana kwa homoni ndi chinthu chopezeka mu nyama akuimirira pakati pa gulu n'kumaweruza mwana wa eni ake, wachitenga kuti chilolezo chimenecho?

Tsopano za impso, apa ndiye ndidzakhalitsa chifukwa ndi pamene mnyamata uja anagwidwira mantha. Pali mawu awiri ofanana kamvekedwe, kiriyetini ndi kiriyetinini. Woyambayo ndi amene timamwa. Wachiwiriyo ndi zotsalira zake, tsiku lililonse kagawo kakang'ono ka kiriyetini wa m'minofu, kosakwana magawo awiri pa 100, kamasanduka kiriyetinini, kamalowa m'magazi ndipo impso zimakasefa n'kukatulutsa mu mkodzo. Madokotala amayeza kiriyetinini m'magazi pofuna kuona ngati impso zikusefa bwino, akachuluka amaganiza kuti mwina sefa yafooka. Koma tangoganizani, zinyalala zingachuluke pa zifukwa ziwiri, mwina wochotsa wafooka kapena zikupangidwa zambiri. Munthu amene akumwa kiriyetini, amene minofu yake yakula, amene dzulo lake anamenya masikwati olemera n'kudya nyama yambiri usiku, zotsalira zimenezi akupanga zambiri kuposa munthu wongokhala, choncho nambala imatha kukwera pang'ono impso zili bwinobwino.

Ndinamutsatira mnyamata uja panja n'kumufunsa kuti kodi adokotala unawauza kuti ukumwa kiriyetini? Akuti ayi ndimaopa andikalipira. Unayezetsa liti? Akuti m'mawa wa tsiku lotsatira tsiku la miyendo. Mwaonatu. Ndinamuuza kuti mphwanga bwerera kuchipatala ukanene zonse, zimene ukumwa, magalamu angati, unayamba liti, ndiponso kuti umanyamula zitsulo. Adokotala atha kukuuza kuti usiye milungu ingapo n'kuyezanso utapuma, atha kuyeza mkodzo kuona ngati mukutuluka mapuloteni, kapena kuyeza china chotchedwa sisitatini C chimene sichidalira kwambiri kukula kwa minofu. Amenewo ndiye angakuuze ngati impso zili bwino kapena ayi. Ine sindinamuuze kuti palibe vuto chifukwa inenso sindine dokotala, ndipo n'chimene ndikufuna mkulu uja amve. Kafukufuku wa zaka zambiri pa anthu a impso zabwino amene amamwa mlingo woyenera sanapeze kuti zimawonongeka. Koma ngati uli kale ndi matenda a impso, kapena shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimene zimavutitsa impso, kapena umamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, usayambe usanafunse adokotala. Safunsa anadya phula. Kufunsa kwake n'kwa adokotala, osati kwa munthu amene umangomulemekeza chifukwa ali ndi mikono ikuluikulu.

Za dazi nazo, mukudziwa kumene zinachokera? Kafukufuku mmodzi wa mu 2009 ku South Africa, pa anyamata 20 osewera ragibe, kwa milungu itatu yokha. Anapeza kuti homoni ina yotchedwa DHT, imene imakhudzana ndi dazi la kumtundu, inakwera mwa amene amamwa kiriyetini. Tsitsi sanaliwerenge, palibe amene analemba kuti wina anathothoka tsitsi, anangoyeza magazi basi. Kuchokera pamenepo nkhani yayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka yafika kwa ife ili yoti ukamwa mwezi umodzi mutu uwala. Anyamata ambiri amayamba jimu pa zaka zomwezo zimene dazi la kumtundu limayamba kuonekera, ndiye wina akaona chipumi chikukula amaloza chigubu, osayang'ana mitu ya bambo ake ndi amalume ake. Unawerenga kuti? Ndidzafunsa funso limeneli Loweruka mobwerezabwereza mpaka litopetse anthu, unawerenga kuti kapena unangomva?

Lachinayi ndi lija loti ndi madzi okhaokha, umangofufuma, ena amati imanenepetsa. Limeneli lili ndi kachoonadi pang'ono n'chifukwa chake silifa. Inde sabata yoyamba sikelo imatha kukwera ndi kilogalamu imodzi kapena awiri, makamaka ukayamba ndi mlingo waukulu, ndipo amenewo ndi madzi chifukwa kiriyetini polowa m'minofu imakoka madzi. Madziwo amakhala mkati mwa minofu, si mafuta a pamimba. Mnyamata uja anachoka pa makilogalamu 70 kufika pa 71 ndi theka m'masiku khumi, sipangakhale munthu womanga mafuta kapena minofu yochuluka chonchi kuchokera ku kasipuni ka ufa. Minofu yeniyeni imabwera pambuyo pake chifukwa ukunyamula zolemererapo. Ukasiya kumwa, pakatha mwezi kapena kupitirirapo pang'ono kiriyetini wa m'minofu amabwerera pamene anali, madzi aja amachoka, koma minofu imene unaivutikira siisungunuka bola uzipitiriza kunyamula ndi kudya bwino. Achemwali athu a mu kalabu ambiri anauzidwa kuti akamwa adzaoneka ngati amuna, bodza lomwelo la masiteroidi langovala malaya ena, ndipo amene anawauza ndi anthu omwewo osawerenga.

Lomaliza ndi la lodingi, lakuti ngati sunayambe ndi masipuni ambirimbiri ndiye sizigwira. Lodingi ndi kumwa magalamu 20 pa tsiku, ogawa kanayi, kwa masiku asanu mpaka asanu ndi awiri, kenako n'kutsikira pa magalamu atatu mpaka asanu. Imagwira ntchito, imadzaza minofu msanga. Koma ukangomwa magalamu atatu mpaka asanu tsiku lililonse kuyambira pachiyambi umafika pomwepo pakatha milungu inayi, kusiyana kwake ndi nthawi basi. Minofu ikadzaza yadzaza, yowonjezera umangoikodza. Ndipo amene amadandaula kuti kiriyetini imatsegula m'mimba, kawafunseni, ambiri anameza magalamu 10 kapena 20 nthawi imodzi chifukwa wina anawauza kuti mwamuna weniweni amatero. Nthawi yomwera si nkhani yaikulu, m'mawa kapena madzulo, tsiku la jimu kapena lopuma, chofunika osadumphitsa. Gulani ya monohayidireti wamba, ndi imene yayesedwa kwambiri, zina za mayina ataliatali zodula sizinaonetse kuti zimaiposa. Ndipo pali anthu ena amene samva kusintha kwenikweni chifukwa minofu yawo inali yodzaza kale, pamene osadya nyama nthawi zambiri amamva kusintha kwakukulu.

Sindikukakamiza munthu kumwa ayi, utha kumanga thupi labwino osaigwirako n'komwe. Chimene ndikukana ndi kuyankhula molimba mtima zinthu zimene sukuzidziwa, kumuuza mwana wa zaka 20 kuti impso zake zatha iwe ulibe ngakhale pepala limodzi la zachipatala, usiku wonse iye osagona iwe uli mkonono. Mwina amatero pofuna kuoneka odziwa, izo n'zawo. Kunena kuti sindikudziwa kafunse adokotala kumavuta chani? Mawu atatu okha.

Ndipo chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti anthu omwewa amene amakuwa za kiriyetini amakhala chete zii pa majakisoni ndi timabotolo topanda zolemba timene tikuyenda m'zikwama ku chipinda chosinthira zovala. Tonse timaona. Anyamata akubayana zinthu zimene sakudziwa kuti zachokera kuti, misana yadzaza ziphuphu, wina mabere ayamba kutupa, amenewo ndiye masiteroidi enieni amene amawononga mtima ndi chiwindi, koma palibe amene analandapo pepala la munthu n'kukuwa. Akomiti mundiwonjezere mphindi zisanu Loweruka, nkhani imeneyinso ndiikamba.